Kukula kwa chida cha abambo: zomwe madokotala anayeza ndi zomwe foni ikukunamizani

 Nkhani ya lero ndi ya akuluakulu ndi achinyamata amene atha msinkhu. Mutikhululukire chifukwa titchula zinthu zimene kawirikawiri sititchula pagulu. Tikamba za nkhawa imene amuna ambiri amakhala nayo mumtima osauza munthu, yoti chida chawo cha abambo ndi chaching'ono. Nkhawa imeneyi imadyetsa anthu ndalama, imasokoneza mabanja, ndipo ena imawafikitsa kuchipatala atadzivulaza ndi mankhwala. Chomvetsa chisoni n'chakuti ambiri mwa odandaulawo alibe vuto lililonse. Cholakwika ndi muyeso umene akudziyezera.

Tiyambe ndi muyeso weniweni. Mu 2015, gulu la ofufuza la ku King's College London, lotsogozedwa ndi dokotala David Veale, linasonkhanitsa miyeso ya amuna 15,521 a m'maiko osiyanasiyana. Onsewa anayezedwa ndi anthu a zachipatala, osati kudziyeza okha, pakuti mwamuna akamanena yekha amakonda kuwonjezera. Anapeza kuti chida chikagona, kutalika kwa pakatikati ndi masentimita 9. Chikadzuka, ndi masentimita 13, ndipo kunenepa kwake mukazunguliza chingwe ndi pakati pa 11 ndi 12. Masentimita 13 ndi ofupikirapo kuposa bolopeni imene mwana wanu amapita nayo kusukulu.

Mawu oti "pakatikati" akutanthauza kuti pafupifupi theka la amuna onse ali pansi pa nambala imeneyi, ndipo ali bwinobwino. Pa amuna 100 aliwonse, pafupifupi 90 amakhala pakati pa masentimita 10 ndi 16 chida chikadzuka. Opitirira 16 ndi ochepa kwambiri, anayi kapena asanu pa 100. Kafukufukuyu sanapezenso umboni wodalirika wa zija timauzana pabawo, zoti kukula kwa phazi kapena mtundu wa munthu zimasonyeza kukula kwa chida.

Tsono ngati zili choncho, n'chifukwa chiyani ambiri amadziona operewera? Chifukwa choyamba ndi makanema olaula. Kale mnyamata ankaona anzake a msinkhu wake okha, posamba kumtsinje. Lero kanema amalowa m'foni kudzera pa WhatsApp kapena pa kakhadi kogula pamsika, ndipo mnyamata amaona chida chodzuka cha munthu wina asanadziwe n'komwe thupi lake. Amuna a m'makanemawo amachita kusankhidwa, ndipo amatengedwa mwa anayi kapena asanu aja pa 100. Kamera amaiika pafupi kwambiri komanso chapansi, monga mmene msodzi amatambasulira mkono kuti chambo chioneke chachikulu pachithunzi. Tsitsi lonse la kumaliseche amameta kuti tsinde lionekere. Ambiri amamwa kapena kubayitsa mankhwala olimbitsa chida, ndipo zimene mumaona ngati ulendo umodzi wosalekeza zimajambulidwa moduladula n'kulumikiza. Munthu akaonera zimenezi tsiku ndi tsiku, maso ake amazolowera, n'kuyamba kuona chachilendo ngati chachibadwa ndipo chachibadwa ngati chilema.

Chifukwa chachiwiri ndi mmene timadziyang'anira. Chanu mumachiona kuchokera pamwamba, mutawerama, ndipo chinthu chilichonse chooneka motero chimafupika. Cha mnzanu mumachiona cham'mbali, kutalika kwake konse kukuoneka. Mukafuna kudziona mmene ena angakuonereni, imani cham'mbali pagalasi. Komanso chida chogona sichikhala chimodzimodzi tsiku lonse. Kuzizira, mantha ndi kutopa zimachikoka kuti chibwerere m'thupi, chifukwa magazi amachepa kumeneko. Chinanso, zida zooneka zazing'ono zikagona nthawi zambiri ndi zimene zimatalika kwambiri zikadzuka, pamene zooneka zazitali zimangowonjezera pang'ono. Ndiye zimene mumaona kumtsinje sizikuuzani zambiri.

Tiyerekeze mnyamata wa zaka 19 amene amakhala m'munsi mwa phiri la Tumbine. M'mawa wa mwezi wa Juni wasamba madzi ozizira, wadziyang'ana, n'kuona ngati masentimita 6 okha. Usiku wake anaonera kanema m'foni. Mtima wasweka, ndipo wayamba kusunga ndalama zoti akagule mankhwala. Asanawononge ndalamazo, ayeze moyenera, monga achitira madokotala. Akhale pamalo ofunda, ali yekha, mtima uli m'malo. Atenge lula ya kusukulu, aiike pamwamba pa chida, osati pansi kapena m'mbali. Akanikize nsonga ya lula mpaka igunde fupa la pachinena, pakuti mafuta a pamenepo amabisa gawo lina. Kenako awerenge mpaka kumapeto kwa mutu wa chida, osawerengera khungu lakunsonga. Ayeze chida chitadzuka, kapena chitagona koma atachikoka pang'onopang'ono mpaka pamene chalekezera popanda kupweteka, chifukwa miyeso iwiriyi imayandikana.

Tinene kuti wapeza 12. Ameneyu ali pakati penipeni pa gulu la amuna ambiri, akusiyana ndi muyeso wa pakatikati ndi sentimita imodzi yokha, ngati kukula kwa chikhadabo. Akanapeza 10 kapena 11, akanakhalabe m'gulu la amuna abwinobwino. Chimene madokotala amatcha chida chaching'onodi ndi cha munthu wamkulu chosafika masentimita pafupifupi 7 ndi theka atachikoka. Vutoli silionekaoneka, limachokera ku kuchepa kwa timadzi ta m'thupi tokulitsa ziwalo mwana ali m'mimba, ndipo nthawi zambiri limadziwika munthu akadali khanda. Ku Cairo, m'dziko la Egypt, dokotala Rany Shamloul anayeza amuna 92 amene anabwera kuchipatala kudandaula kuti chawo n'chachifupi. Zotsatira zake zinatuluka mu 2005: panalibe ngakhale mmodzi amene anali ndi chida chachifupi. Mnyamata wathu uja ayeze kamodzi, adziwe, asiye. Kuyeza tsiku lililonse kumangodyetsera nkhawa.

Ena amati, "Nambala tamva, koma nanga mayi a kunyumba akhutira?" Njira ya amayi ndi yotalika pafupifupi masentimita 7 mpaka 10 mayi asanakonzeke, ndipo imatambasuka thupi likatentha. Malo omva kukoma kwambiri ali kunja ndi pakhomo, makamaka kanyemba ka pamwamba, osati mkati mwenimweni. Chida chachitali kwambiri chikamagunda khomo la chiberekero, amayi ambiri amamva kupweteka. Pa kafukufuku wina wa ku America wofalitsidwa mu 2006, amene anafunsa anthu opitirira 52,000, amayi 85 pa 100 ananena kuti amakhutira ndi kukula kwa chida cha amuna awo, pamene amuna okhutira ndi chawo anali 55 okha pa 100. Mukuona nokha kuti nkhawayi ili kwambiri kwa ife amuna. Ndipo nkhawa imeneyi ndi imene imabweretsa vuto lenileni: mwamuna akalowa kuchipinda akudzikayikira, mantha amafooketsa chida kapena kumuthamangitsa, iye n'kunena kuti vuto ndi kukula. Amayi, mawu onyoza pa nkhaniyi, ngakhale onenedwa pa mkangano wa ndiwo, amakhala mumtima mwa bambo zaka zambiri.

Tibwere ku mankhwala. Mapepala olengeza "kukulitsa chida" mumawaona pamitengo ndi pamakoma mbali zonse ziwiri za malire. Tinene mosabisa: palibe mapiritsi, ufa, tiyi kapena mafuta opaka amene anatsimikiziridwa kuti amatalikitsa chida cha munthu wamkulu. Chida chimakula pa nthawi yotha msinkhu, ndipo chimaleka munthu akamayandikira zaka 20. Za mvunguti tonse tinazimva. Mnyamata wa zaka 14 akatemera mvunguti n'kuona kusintha chaka chotsatira, ndi msinkhu wake umene wagwira ntchito, ndipo akanakula chimodzimodzi popanda mphini. Chimene mphini zingamusiyire ndi zilonda, ndipo lezala yobwerekana imafalitsa kachilombo ka HIV ndi matenda a chiwindi. Mafuta owotcha amatupitsa khungu kwa masiku ochepa, munthu n'kuyesa kuti chakula, pamene kwenikweni chapsa. Choopsa koposa ndi kubaya mafuta monga Vaseline pansi pa khungu. Poyamba chida chimanenepa, koma patapita miyezi kapena zaka pamabwera zotupa zolimba, zilonda zosapola ndi kupindika, ndipo kuchotsa kwake n'kochita opaleshoni yosenda khungu. Mapiritsi a mphamvu ogula pamsika amalimbitsa chida kwa maola ochepa, sachikulitsa, ndipo ndi oopsa kwa odwala mtima. Mdulidwe wa kuchipatala nawonso suwonjezera kapena kuchepetsa kutalika, umangochotsa khungu lakunsonga.

Pali zinthu ziwiri zimene zimabisadi chida chabwinobwino. Choyamba ndi mimba yaikulu ndi mafuta a pachinena. Thupi likatsika, gawo lobisikalo limaonekanso. Chachiwiri ndi phudzi, kutupa kwa thumba la machende chifukwa cha madzi, kumene kuno ku Zambezia nthawi zambiri kumayamba ndi tinyongolotsi tofalitsidwa ndi udzudzu. Thumba likakula, chida chimamira m'kati mwake. Phudzi limachiritsika ndi opaleshoni, ndipo thumba likaphwa chida chimaonekanso monga kale.

Pitani kuchipatala cha Milange kapena chipatala chaching'ono cha kwanuko mukaona izi: mnyamata wakwana zaka 14 koma machende sanayambe kukula, chida chayamba kupindika ndi kupweteka chikadzuka, kapena muli chotupa cholimba, chaleka kulimba kwa miyezi ingapo, chifukwa zimenezi zimatha kukhala chizindikiro cha matenda a shuga kapena kuthamanga kwa magazi, mwapaka kapena kubaya chinthu ndipo patupa. Chida chikadzuka maola 4 osagona, thamangani tsiku lomwelo, osadikira kuti kuche. Pitaninso ngati mwayeza n'kupeza kuti muli bwino koma maganizo sakuchoka, mukuthawa kukwatira kapena kusamba ndi anzanu. Limenelo ndi vuto la nkhawa, ndipo limathandizika pokambirana ndi aphungu. Achinyamata funsani chipinda cha SAAJ, kumene amakumverani mwachinsinsi.

Makolo ndi atsibweni, mnyamata amene ali ndi foni waona kale zambiri kuposa mmene mukuganizira. Musadikire kuti afunse, chifukwa manyazi samulola. Muuzeni nambala zimene mwamva lero: 9 chikagona, 13 chikadzuka, ndipo kuyambira 10 mpaka 16 ndi mmene amuna ambiri alili. Muuzeninso kuti anyamata sakula nthawi imodzi, wina amayamba ali ndi zaka 10, wina 14, choncho asadziyerekeze ndi mnzake wa m'kalasi.