Kulemba Chidule cha Msonkhano wa Phokoso

Lero tikambirana za ntchito ya mlembi amene wapatsidwa mawu a msonkhano ojambulidwa pa lamya ya m'manja kuti alembe chidule chake. Ntchitoyi siivuta ngati anthu ankalankhula mmodzimmodzi, monga amayenera kuchitira aphungu ku Nyumba ya Malamulo ku Lusaka. Koma misonkhano yathu ya m'makomboni siyenda chotero.

Tiyerekeze kuti gulu la anthu 18 osungitsana ndalama lakumana ku Bulangililo, mumzinda wa Kitwe, kwa mphindi 50. Ena alankhula Chibemba, ena Chinyanja. Nkhani yaikulu ndi yakuti chopereka cha pamwezi chikwere kuchoka pa K100 kufika pa K150. Inu ndinu mlembi.

Poyamba mverani zonse osaimitsa, ndipo lembani nthawi yokha imene nkhani iliyonse yayambira. Paulendo wachiwiri funani malo amene wapampando akumanga mfundo, pakuti mawu akewo ndiwo mizati ya chidule chanu. Malo a phokoso muwabwerere pomaliza, mutadziwa kale kumene nkhani inathera.

Tsono pa mphindi ya 31 mukumva msungichuma akuti, "Ine K150 ndikuvomera, koma ngati..." Asanamalize, bambo wina wamudula mawu, amayi awiri ayamba kuyankhana, ndipo pakati pa phokosolo mukumva wina akuti "...tilipira." Pano pali misampha iwiri.

Msampha woyamba ndi chiganizo chodukacho. Mlembi wofulumira adzalemba kuti msungichuma anavomera K150. Limenelo ndi bodza, ngakhale kuti liwu lililonse linatulukadi m'kamwa mwake. Munthu akanena "koma" kapena "ngati", mtima wa nkhani yake uli m'mawu amene akubwera, ndipo mawuwo ndi amene atayika. Musamumalizire chiganizo, ngakhale muganize kuti mukumudziwa bwino. Pitirirani kumvetsera, chifukwa kawirikawiri munthu wodulidwa mawu amadikira mpata nkubwereza chiyambi cha chiganizo chake. M'chitsanzo chathu, pa mphindi ya 38 msungichuma akuti, "Ndimati ndikuvomera ngati tiyamba mu Febuluwale, chifukwa mu Januwale makolo amagula mayunifomu a ana." Zidutswa ziwirizo ndi ganizo limodzi, ndipo muzilembe pamodzi. Akadapanda kubwereza, mukadalemba kuti anayamba kupereka maganizo ake koma sanamalize.

Msampha wachiwiri ndi wobisika kwambiri. M'chinenero chathu kukana kumakhala kumayambiriro kwa mneni: "tilipira" ndi "sitilipira" asiyana ndi kaphatikizo kamodzi, ndipo Chibemba nachonso chimaika "ta" wokana kutsogolo. Tsoka lake, munthu akamalowerera mnzake, chiyambi cha mawu ake ndicho chimakwiririka m'mawu a winayo. Chotero "...tilipira" amene mwamva angakhale kuvomera kapena kukana. Bwerezani malowo katatu mutavala zomvetsera za m'makutu. Mukhoza kuchepetsa liwiro pang'ono, koma kukweza mawu sikuthandiza, popeza mawu onse awiri analowa m'makina pamodzi ndipo amakwerera pamodzi. Mukapitirira kubwereza kakhumi, khutu limayamba kumva chimene mtima ukufuna. Zikakanika, liwulo lisalowe m'chidule ngati voti ya munthu.

Dziwaninso kuti kulankhulira pamodzi konse si mkangano. Amayi akamati "eya, zoona" mnzawo ali mkati molankhula, akumuchirikiza. Wotsutsa amadziwika chifukwa amakweza mawu, amafulumira, ndipo woyambayo amaleka kapena amakwezanso. Ndiponso lamya ili ndi tsankho: amene anakhala pafupi nayo amamveka ngati mfumu, pamene gogo wa kumbuyo amene anapukusa mutu sapezekamo konse. Ine ndaona alembi ambiri atalemba kuti "anthu ambiri anagwirizana" chifukwa cha anthu atatu okhala pafupi ndi tebulo.

Pa mphindi ya 44 wapampando akuti, "Ndiye tagwirizana?" Pakumveka kung'ung'udza, kenaka mipando ikukokedwa. Sananene chimene agwirizana, ndipo manja sanawerengedwe. Chidule choona chidzati: "Panaperekedwa ganizo lokweza chopereka kufika pa K150. Msungichuma anavomera pokhapokha kukwezako kukayamba mu Febuluwale. Pa mphindi 31 mpaka 33 anthu analankhulira pamodzi ndipo mawu ena sanamveke. Wapampando anafunsa ngati onse agwirizana, koma mwezi woyambira sunatchulidwe."

Pitani kwa wapampando tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake, asanaiwale. Chimene adzakuuzani muchilembe pachokha, ndi mawu akuti "Wapampando anafotokoza msonkhano utatha", kuti chisasakanikirane ndi zimene zinamveka. Mawu ojambulidwawo musawafufute mpaka chidule chitawerengedwa ndi kuvomerezedwa pamsonkhano wotsatira, ndipo nkhani ya mwezi woyambira muiike poyamba pa mndandanda wa zokambirana za tsikulo.