Kulemba ntchito wogulitsa woyamba m'golosale yanu



Ambiri golosale ikakula mumangoitanitsa mwana wa achimwene kumudzi. Sindikuletsa, koma wachibale akasowetsa ndalama mumuchotsa bwanji osayambana ndi mtundu wonse? Lero tione kulemba munthu pomuyesa kaye.

Chidziwitso chanu chofunira wantchito chikwane papepala limodzi lomata pachitseko kapena kumsika. Mwachitsanzo: "Pakufunika wogulitsa m'golosale ku Mchesi. Akhale wa zaka 18 kapena kuposa, wodziwa kuwerengera chenji ndi kugwiritsa ntchito Airtel Money ndi Mpamba. Ntchito ndi Lolemba mpaka Loweruka, maola 8 patsiku. Malipiro ndi akutiakuti pamwezi. Bwerani Lachinayi m'mawa ndi chiphaso cha unzika komanso kalata ya amfumu."

Mwamva ndati maola 8 kwa masiku 6? Lamulo la ntchito la chaka cha 2000 limati maola a ntchito pasabata asapitirire 48, ndipo oonjezera amalipiridwa padera. Malipironso lembani chiwerengero chenicheni, osati "tidzakambirana", chifukwa mawu amenewo ndiwo amabala milandu mwezi ukatha. Yambani mwafunsa ku ofesi ya zantchito malipiro otsikitsitsa amene boma lakhazikitsa, poti amasinthasintha. Za mtundu kapena mpingo wa munthu musalembemo, lamulo lomwelo limaletsa tsankho.

Tsono tsiku lofunsa mafunso. Musataye nthawi ndi "Kodi ndinu wokhulupirika?" Ndani angayankhe kuti ayi? Muikeni kuseri kwa kauntala, inu mukhale kasitomala. Tinene kuti shuga ndi K3,500, sopo K1,200. Tengani shuga mmodzi ndi sopo muwiri, mupereke ma K5,000 awiri. Chenji ndi K4,100. Ali mkati mowerengera, mufunseni mtengo wa machesi, monga amachitira makasitomala madzulo anthu akaweruka. Akasokonezeka n'kuyambiranso modekha, ameneyo aphunzira. Woopsa ndi uja wobweza msangamsanga osawerenganso.

Kenako mufunseni kuti: "Munthu wakuonetsani uthenga pafoni yake kuti watumiza ndalama, mutani?" Yankho labwino n'lakuti katundu satuluka mpaka ndalamazo zitaoneka pafoni ya pashopu, ataona yekha kuti zaonjezekadi. Mauthenga abodza alipo.

Funso lovuta ndi la ngongole: "Abwera azakhali anu, akufuna mafuta ophikira, akuti alipira mawa, ine kulibe." Apa mvetserani bwino. Wonena kuti akuimbirani kaye, kapena atsata zimene munagwirizana n'kulemba m'kope, ali bwino. Woti "ndimawadziwa, sangathawe" adzakugwetserani mpamba.

Onse afunseni mafunso omwewo, mayankho muzilemba, kuti posankha musatengeke ndi nkhope. Mukasankha, werengerani limodzi katundu yense tsiku loyamba, nonse musainire m'kope. Sabata yamawa aliyense abwere ndi chidziwitso chake cholembalemba, tidzakonzere limodzi.