Njira Zitatu Zowerengera Fanizo la Msamariya Wachifundo

 Lero titsekule Mthenga Wabwino wolembedwa ndi Luka, mutu 10, ndime 25 mpaka 37, pamene pali fanizo la Msamariya wachifundo. Tiliwerenga katatu, ndipo ulendo uliwonse tifunsa funso lake. Loyamba nlakuti: kodi mawu amene alembedwawa akuti chiyani? Lachiwiri: anthu amene anawamva koyamba anamvapo zotani? Lachitatu: kodi nkhaniyi ikuphiphiritsa chiyani za Khristu ndi chipulumutso chathu?

Tiyambe ndi mawu monga alembedwera. Katswiri wina wa Malamulo anafunsa Yesu kuti mnzake woyenera kumkonda ndani. Yesu anasimba za munthu amene ankatsika kuchokera ku Yerusalemu kupita ku Yeriko, nagwa m'manja mwa achifwamba, amene anamsiya ali pafupi kufa. Wansembe ndi Mlevi anamuona namlambalala. Msamariya anagwidwa ndi chifundo, nathira mafuta ndi vinyo pa mabala ake, namkweza pa chiweto chake, nakamsiya ku nyumba ya alendo atalipira ndalama ziwiri zasiliva.

Njira imeneyi imafuna maso akuthwa. Onani mmene Yesu anatembenuzira funso. Katswiri uja ankafuna kudziwa malire a chikondi, kuti ayenera kulekezera pa yani. Koma Yesu pomaliza anamfunsa kuti mwa anthu atatu aja, amene anadzisandutsa mnzake wa wovulalayo ndani. Onaninso zimene Luka sanalembe. Sanatiuze chifukwa chimene wansembe analambalalira. Mukalemba pa mayeso kuti anachita mantha kapena kuti anali pa changu, dziwani kuti maganizo amenewo ndi anu, pakuti m'ndimemo mulibe.

Tsopano tibwere ku mbiri. Pano sitikufunsa ngati zimenezi zinachitikadi, popeza ili ndi fanizo. Tikufunsa za dziko ndi anthu a nthawi ya Yesu. Msewu wochokera ku Yerusalemu kupita ku Yeriko unali wa makilomita pafupifupi 27, wodutsa m'chipululu cha miyala momwe achifwamba ankabisala. Yerusalemu ali pa mapiri, pamene Yeriko ali m'chigwa chotsika kuposa nyanja yamchere, kotero kuti woyenda amatsika mamita ngati 1,000. Ndalama imodzi yasiliva, yotchedwa dinari, inali malipiro a tsiku lathunthu a munthu waganyu, monga timva pa Mateyo 20:2. Choncho Msamariya uja anasiya malipiro a masiku awiri, nalonjezanso kudzaonjeza.

Chachikulu nchidani chimene chinalipo pakati pa Ayuda ndi Asamariya. Cha m'ma 722 Khristu asanabadwe, Aasiriya anagonjetsa mzinda wa Samariya nabweretsamo anthu a mitundu ina, monga isimbira 2 Mafumu 17, ndipo Ayuda ankawaona Asamariya ngati anthu osakanizika magazi ndi chipembedzo. Asamariya ankapembedza pa phiri la Gerizimu, ndipo nyumba yao yopembedzeramo inagwetsedwa ndi Yohane Hirikano, mtsogoleri wa Ayuda, zaka zoposa 100 Yesu asanabadwe. Luka yemweyo akutiuza m'mutu 9 kuti mudzi wina wa Asamariya unakana kulandira Yesu. Ife tinazolowera kunena kuti Msamariya wachifundo, koma m'makutu a Myuda mawu awiriwa sankayendera limodzi. Nchifukwa chake ambiri amaona kuti katswiri uja poyankha sanatchule nkomwe dzina loti Msamariya, anangoti amene anachita chifundo uja.

Komabe mbiri ili ndi malire ake. Ena amati wansembe anaopa kudzidetsa, popeza pa Levitiko 21 wansembe ankaletsedwa kukhudza mtembo wa munthu amene sali mbale wake weniweni. Lamulolo linalipodi. Koma bwererani ku mawu: munthu uja anali asanafe, ndipo wansembeyo nayenso ankatsika, ndiko kuti ankachoka ku Yerusalemu, sankapita kukatumikira ku Nyumba ya Mulungu. Mbiri imaunikira mawu, koma siyenera kuwanenetsa zimene sananene.

Njira yachitatu ndi ya tanthauzo lophiphiritsa, imene Abambo akale a Eklezia anaikonda kwambiri. Orijeni wa ku Aleksandriya, m'zaka za m'ma 200, ndiponso Augustino Woyera, episkopi wa ku Hipo m'dziko limene lero ndi Aljeriya, amene anamwalira mu 430, anaona m'fanizoli mbiri yonse ya chipulumutso. Munthu wovulala ndi Adamu, ndiko kuti mtundu wonse wa anthu. Achifwamba ndi Satana ndi mizimu yake. Wansembe ndi Mlevi akuimira Chipangano Chakale, chimene sichinathe kumdzutsa munthu. Msamariya ndi Khristu mwini, nyumba ya alendo ndi Eklezia, momwe ovulala amachiriramo.

Kodi anangopeka? Iai. Liwu lachigriki limene Luka anagwiritsa ntchito pa chifundo cha Msamariya limapezekanso kawiri kokha mu Mthenga wake: pamene Yesu anaona mayi wamasiye wa ku Naini pa 7:13, ndi pamene bambo anaona mwana wake wolowerera akubwera pa 15:20. Ndiponso pa Yohane 8:48 adani a Yesu anamtchula Msamariya pofuna kumnyoza. Choncho kuona nkhope ya Khristu mwa mlendo wonyozeka uja kuli ndi mizu yake m'Malembo.

Nanga tingadziwe bwanji kuti kuphiphiritsa kwapitirira muyeso? Taonani ndalama ziwiri zija. M'ulaliki wa Orijeni zikuimira Atate ndi Mwana, pamene kwa Augustino ndi malamulo awiri a chikondi, kapena lonjezo la moyo uno ndi la moyo ulinkudza. Woyang'anira nyumba ya alendo, Augustino akuti ndi Paulo mtumwi. Pamene akatswiri akusiyana chotere pa tinthu tating'onoting'ono, tidziwe kuti amenewo ndi maganizo othandiza posinkhasinkha, koma sitingamangepo chiphunzitso. Tomasi Woyera wa ku Akwino anaphunzitsa kuti matanthauzo ena onse amakhazikika pa tanthauzo la mawu enieni, ndipo Katekisimu wa Eklezia Katolika wa mu 1992 akubwereza zomwezo pa nambala 116. Mu 1943 Papa Piyo wa 12 analamulanso akatswiri a Malembo kuti ayambe afufuza zimene wolemba anafuna kunena, pothandizidwa ndi zilankhulo ndi mbiri ya nthawi yake.

Muyeso wake ndi uwu: tanthauzo lophiphiritsa likafafaniza zimene mawu akulamula, lasokera. Wina akati wansembe ndi Mlevi akusonyeza kuti Malamulo a Ayuda ndi achabe, waiwala kuti lamulo lokonda Mulungu ndi mnzako, limene Yesu anavomereza pa chiyambi pa ndimeyi, lachokera pa Deuteronomo 6:5 ndi Levitiko 19:18. Winanso akangodziona ngati wovulala woyembekeza kunyamulidwa, waiwala kuti Yesu anatsiriza ndi kumtuma katswiri uja kuti apite akachite chimodzimodzi.

Tsono inu ophunzira, ndi inu akatekisti amene mumawaphunzitsa, sungani dongosolo ili: yambani ndi mawu, kenaka muwaunike ndi mbiri, pomaliza mufunefune Khristu m'menemo. Mukatero mudzapeza kuti fanizoli likukuikani pa malo awiri. Ndinu wovulala amene Khristu anamtola m'mbali mwa msewu, ndipo ndinunso wapaulendo amene mawa adzapeza munthu wa mtundu wina, kapena wa mpingo wina, atagona pa njira yake. Mulungu wamphamvuzonse akudalitseni, Atate ndi Mwana ndi Mzimu Woyera. Amen.