Mawu otsegulira ntchito yoteteza madzi akumwa ku Ndirande



Kolera amene anabuka ku Machinga mu Malichi 2022 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za mu Blantyre zinachedwa kutsegulidwa. Lero tikuyamba kuyenda khomo ndi khomo mvula isanagwe.

Madzi otunga pampopi amaipira m'nyumba, pamene ndowa yakhala yosavundikira ndipo kapu yomwera ndi yomwenso ikutungira. Choncho odzipereka musangosiya mankhwala pakhomo. Onetsani mayi wa pabanjapo kuthira kachitsekero kamodzi ka WaterGuard m'ndowa ya malita 20, kutakasa, kuvundikira ndi kudikira mphindi 30. Madzi amatope ayambe asefedwa, pakuti matope amafoola mankhwala.

Mukapeza wotsegula m'mimba ngati madzi otsukira mpunga, m'mwetseni Thanzi ORS, paketi imodzi mu lita imodzi, apite kuchipatala msanga, ndipo dziwitsani mlangizi. Inu alangizi, mukauzidwa fikani pakhomopo tsiku lomwelo.

Ndatsegulira msonkhano uno.