Kusainira Mnzako Ngongole Si Umboni Chabe

Anthu ambiri akapemphedwa kusaina pa pepala la ngongole ya mnzawo amati akukakhala mboni. Koma pamalamulo mboni ndi woimira ngongole ndi anthu aŵiri osiyana. Mboni imangotsimikiza kuti inaona munthu akusaina. Woimira ngongole amalonjeza kuti wokongolayo akalephera kubweza, iye ndiye adzabweza. Choncho woyenera kufunsidwa si mnzake wopempha uja, koma mawu olembedwa pamwamba pa mzere wosainapowo.

Nachi chitsanzo choyerekeza. Mphunzitsi wa ku Embangweni wasainira mnzake ngongole ya K600,000 ku SACCO, yoti akagulire mbatatesi ndi tomato pa msika wa Jenda. Pamodzi ndi chiwongoladzanja, ngongoleyo ikukwana K750,000, yobweza K75,000 mwezi uliwonse kwa miyezi khumi. Mnzakeyo wabweza miyezi inayi, ndiye kuti K300,000, kenaka malonda avuta, wakwera basi ya ku Joni monga achitira anyamata ambiri a ku Mzimba. Yatsala K450,000. Bungwelo litenga masheya a wothaŵayo, mwina K100,000, ndipo K350,000 yotsalayo igwera omusainira.

Apa ndi pomwe ambiri amadzidzimuka. Mphunzitsi uja anasaina pamodzi ndi munthu wina, ndiye mumtima mwake aŵerengera theka, K175,000. Koma mapepala ambiri otere amanena kuti osainawo ali ndi udindo onse pamodzi komanso aliyense payekha. Tanthauzo lake n'lakuti wokongoza ali ndi ufulu wofuna K350,000 yonse kwa mmodzi, ndipo kaŵirikaŵiri amasankha amene malipiro ake amadziŵika tsiku lobwera. Sakakamizidwanso kuyamba wakasaka wothaŵayo ku Johannesburg, pokhapokha pepalalo litanena choncho. Nkhani ikafika kukhoti, monga la majisitireti pa boma la Mzimba, chigamulo chikaperekedwa koma ndalama osaoneka, a sherifu angathe kudzalanda katundu. Kunena kuti "sindinadyeko ngakhale tambala" sikupulumutsa munthu pamenepo.

Komabe woimira ngongole sali wopanda chitetezo. Ngati wokongoza agwirizana ndi wokongola kumbali, nasintha pangano, monga kuwonjezera nthaŵi yobwezera, osainira uja osavomereza, lamulo lingathe kumumasula. Tsoka lake n'lakuti mapepala ena amaloleza kale kusintha kotereku m'timalemba tating'ono, ndipo ena sanena malire a ndalama, kotero kuti munthu amapezeka ataimira ndi ngongole zamtsogolo zomwe. N'chifukwa chake wosaina ayenera kulembetsa malire, monga "osapitirira K300,000", ndi kutenga pepala lake lakelake.

Mphunzitsi uja akalipira, ndalamazo zimasanduka ngongole ya mnzake kwa iye, ndipo angathe kumusumira. Angathenso kufuna K175,000 kwa wosaina mnzake. Pa zonsezi khoti lidzafuna kuona malisiti.