Nyanga panja, panga nyanja: ndagi zosinthanitsa mitu ya mawu
(Mawu olankhulidwa pa msonkhano wa kalabu ya omvera wailesi)

Lero ndabwera ndi ndagi za mtundu wina, zoti tikayese pa pulogalamu yathu.

Masewera ake ndi otere. Mumatenga mawu awiri, n'kusinthanitsa mitu yake. Mutu ndi zilembo zonse zimene zili kutsogolo kwa a, e, i, o kapena u woyamba. Azungu masewerawa anawatcha dzina la mbusa wina wa ku Oxford, William Archibald Spooner, amene anabadwa mu 1844 n'kumwalira mu 1930. Ankadziwika ndi lilime loterereka, ngakhale zambiri zimene amati ananena anangomupekera.

Ndagi ija imafunsidwa mbali ziwiri. Tamverani: "Chithumwa cha mfiti chili pabwalo, tembenuza, ukhale ngati omanga damu la Cahora Bassa." Mbali yoyamba ndi "nyanga panja". Chotsani ny, patsala anga. Chotsani p, patsala anja. Tsopano p apite kwa anga, ny apite kwa anja: "panga nyanja". Mwaona? Ny ayende yense, osamudula pakati. Mukangosuntha n yekha mupeza "pyanga nanja", zopanda mutu. Chimodzimodzi dz ndi nj: "dzala njira" imasanduka "njala, dzira!", kulira kwa munthu amene wagona osadya.

Kupeka yanu sikovuta. Sankhani michira iwiri, monga anga ndi anja, n'kufufuza mitu imene imakwana ponse pawiri. M akukwana: manga, manja. P akukwana: panga, panja. Basi, "manga panja" yabala "panga manja". B nayenso akukwana, koma apa pali msampha. "Manga banja" ndi mawu abwino ndithu, koma mukatembenuza mupeza "banga manja". Onsewo ndi mawu enieni, inde, koma sakugwirana, ndipo palibe angaseke. Ine ndagi yotere sindiilola. Mbali zonse ziwiri zizimveka ngati zonena munthu, ngakhale munthuyo akhale woledzera.

Chimene chimagwetsa ambiri ndi ku uja wa kumayambiriro. Mukati "kumanga kunja", mitu yonse ndi k, ndiye mwasinthanitsa chiyani? N'chifukwa chake timalankhula molamula: manga, panga, dzala.

Chinanso, musanaitumize ku wailesi, yambani mwaitchula mokweza kunyumba. Mawu ena aulemu akatembenuzidwa amasanduka zolaula, ndipo wailesi amamvera limodzi mpongozi ndi mkamwini.

Ya sabata yamawa nayi: "Ika chingwe pa zimene waona kutulo, tembenuza, upereke chilango kwa wopsereza nsima." Michira yake ndi anga ndi oto. Amene wapeza asanong'oneze mnzake, akapereke yankho kwa mlembi.