Kutenga Miyeso ya Nyengo M'minda Popanda Kudumpha Kapena Kubwereza

Mawu oyankhulidwa pa msonkhano wa alangizi a zaulimi

Pa minda yambiri ya kafukufuku pali zipangizo zoyezera mvula, kutentha ndi chinyezi cha m'nthaka. Miyeso yake imasungidwa m'kabokosi kotchedwa loga, kamene kamalemba muyeso uliwonse pamzere wakewake pamodzi ndi tsiku ndi nthawi. Maloga ambiri amapatsanso mzere uliwonse nambala yotsatana ndi inzake. Mlangizi wokatenga miyesoyi ayenera kudalira nambalayo koposa wotchi ya loga.

Loga yolemba mphindi 15 zilizonse imasunga mizere 96 pa tsiku, ndipo pa sabata imakwana 672. Mlangizi amene amafika Lolemba lililonse itangokwana 09:00 ayembekezere mizere 672, kuyambira wa 09:15 Lolemba lapitalo kulekeza wa 09:00 tsiku limenelo. Akamaliza alembe m'kaundula nambala ya mzere wotsiriza, kuti ulendo wotsatira adzayambire pa mzere woutsatira. Asajombe, pakuti loga yodzaza imafufuta mizere yakale kapena imaleka kulemba, malingana ndi m'mene idatcheredwera.

Vuto lalikulu limadza pokonza wotchi. Ku Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi Mozambiki nthawi ili patsogolo pa UTC ndi maola awiri chaka chonse. Mlangizi akakonza wotchi ya loga pa 09:05 potsata kompyuta yoyendera UTC, loga imabwerera ku 07:05, nilembanso nthawi za 07:15 mpaka 09:00 kachiwiri. Imeneyi ndi mizere 8 yamiyeso yatsopano yokhala ndi nthawi zakale. Sabata yotsatira, wotenga poyang'ana nthawi adzayambira pa 09:15, ndipo adzaisiya mizere 8 ija osadziwa. Chizindikiro chake nchakuti adzapeza mizere 664, wotsiriza uli wa 07:00. Koma wotenga poyang'ana nambala adzapeza yonse 672.

Mizere iwiri yofanana nthawi isafufutidwe mwaphuma. Ngati nambala zake nzofanana, mzerewo udangotengedwa kawiri, ndipo umodzi uchotsedwe, pakuti mvula ya mamilimita 6 ikawerengedwa kawiri imasanduka 12. Ngati nambala zisiyana, miyeso yonse iwiri njoona, ndipo chofunika kukonza ndi nthawi yake. Nthawi ikadumpha pamene nambala zikutsatana bwino, ndiye kuti wotchi idasunthidwira kutsogolo kapena loga idazima chifukwa cha batire. Mpata wa loga yozima usiyidwe wopanda kanthu. Kulembapo 0 nkunena kuti mvula siidagwe.

Choncho ntchito iyende motere: mlangizi ayambe watenga miyeso, awerenge mizere, alembe m'kaundula nthawi ya loga pambali pa nthawi yeniyeni, ndipo pomaliza pake akonze wotchi.